Miliyoni ya ku Joni ndi K300,000 ya pa Mponela: yofika pakhomo ndi iti?

Pa Mponela, pa Madisi ngakhale pa boma la Ntchisi, nkhani ya ntchito ya ku South Africa kawirikawiri imayamba ndi kuchulukitsa. Wina amatchula malipiro a mbale wake amene ali ku Joni, mnzake n'kutulutsa foni, n'kusandutsa marandiwo kukhala makwacha. Chiwerengero chotulukacho chimadutsa miliyoni pamwezi, ndipo kalaliki wa m'sitolo ya zipangizo zaulimi, amene amalandira K300,000, amabwerera kunyumba mtima uli m'malere.

Masamuwo amakhala olondola, koma amathera panjira. Malipiro onse awiriwo ali ndi ulendo woti ayende asanasanduke ufa, fizi ndi thumba la feteleza pakhomo. A pa Mponela ulendo wake ndi waufupi. A ku Joni amadutsa kwa mwini nyumba, kwa woyendetsa minibasi, kwa wotumiza ndalama ndi kwa wosintha ndalama, ndipo aliyense wa amenewa amatapako.

Kuti zioneke bwino, ndi koyenera kutsata munthu mmodzi wongoyerekeza: bambo wa ana awiri, wogwira ntchito yaukalaliki pa Mponela, amene walonjezedwa ntchito m'mzinda wa Johannesburg pamalipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi lamulo la kumeneko. Misonkho ndi malipiro a lamulo otchulidwa pano ndi a pakati pa chaka cha 2025. Ndalama za lendi, chakudya ndi maulendo ndi zachitsanzo, ndipo wowerengera ulendo wake ayenera kuikapo zimene wauzidwa ndi omwe ali komweko.

Zimene boma limachotsa

Malinga ndi ndondomeko ya msonkho wa pamalipiro imene idayamba mu Epulo 2024, K150,000 yoyamba ya malipiro a pamwezi sinkadulidwa msonkho, ndipo gawo lochokera pamenepo kufika pa K500,000 linkadulidwa 25 peresenti. Kwa kalaliki wa K300,000, msonkho umagwa pa theka la malipiro ake ndipo umakwana K37,500. Lamulo la penshoni limachotsanso 5 peresenti, imene ndi K15,000. M'thumba mwake mumalowa K247,500.

Pali ndalama ina imene kalalikiyu saiona ndipo amaiiwala mosavuta. Womulemba ntchito amayenera kuwonjezera 10 peresenti ku thumba lake la penshoni, imene ndi K30,000. Pamodzi ndi gawo lake lija, mwezi uliwonse K45,000 imaikidwa pambali m'dzina lake. Sangagulire chimanga lero, komabe ndi yake, ndipo akasiya ntchito kusonkhako kumalekera pomwepo.

Ku South Africa malipiro otsikitsitsa amawerengedwa pa ola. Kuyambira pa 1 Malichi 2025 adali R28.79, ndipo lamulo limalola maola 45 pasabata, amene ndi pafupifupi maola 195 pamwezi. Zimenezi zimapereka R5,614. Apa wopita kunja amapezadi mwayi, chifukwa msonkho wa pamalipiro kumeneko mu 2025 unkayambira pa R95,750 pachaka kwa munthu wosafika zaka 65, pamene iye chaka chonse amapeza pafupifupi R67,000. Salipira msonkho umenewu ngakhale pang'ono. Chimene chimadulidwa ndi 1 peresenti ya thumba la UIF, lothandiza anthu amene ntchito yawathera, ndipo imeneyi ndi R56. Amatsala ndi R5,558.

Pa msonkho wokha, tsono, Malawi ndiye amaluma kwambiri. Kalaliki wa pa Mponela amapereka kwacha imodzi pa makwacha asanu ndi atatu alionse, pamene wa ku Joni sapereka kanthu. Nkhani ikadathera apa, palibe akadatsala.

Chipinda, minibasi ndi mphika wachiwiri

Munthu akachoka, banja limodzi limasanduka makomo awiri. Nyumba ya pa Mponela imafunikabe, chifukwa mayi ndi ana akadali momwemo. Moto wophikira umayakabe. Chimene chachoka pakhomo ndi pakamwa pamodzi pokha. Koma ku Joni pakamwa pomwepo pamafuna denga lake, magetsi ake ndi mphika wake, zonse zolipiridwa m'marandi.

Ngati kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya wina, pamodzi ndi magetsi, kakudya R1,500. Ngati minibasi yopita ku ntchito ndi kubwerera ndi R40 patsiku kwa masiku 22, imene ndi R880. Ngati chakudya ndi R1,300 ndipo foni, sopo ndi zovala ndi R400, zonse pamodzi zikukwana R4,080. Pa R5,558 ija patsala R1,478. Akalipira otumiza ndalama, yonyamuka kupita kumudzi ndi pafupifupi R1,400. Pa marandi anayi alionse amene adawerengedwa pa foni paja, atatu athera m'dziko la eni.

Minibasi ndiyo imadabwitsa ambiri ochokera kumapiri kuno. Pa Mponela kapena pa Ntchisi munthu amapita ku ntchito wapansi kapena pa njinga yake, ndipo mtunda sulowa m'mawerengero a mwezi. Mizinda ya ku South Africa idamangidwa m'nthawi ya tsankho, pamene anthu akuda adaikidwa kutali ndi kumene kuli ntchito, ndipo mpaka lero malo a lendi yotsika ali kutali ndi mafakitale ndi nyumba za olemera. Wofuna kupulumutsa pa lendi amalipira pa minibasi.

Kalaliki wotsala pa Mponela nayenso amadya. Kuti kuyerekeza kukhale kwachilungamo, gawo lake lichotsedwe: K60,000 ya chakudya ndi K15,000 ya foni ndi zina zazing'ono. Pa K247,500 patsala K172,500. Imeneyi ndiyo ndalama imene mkazi ndi ana amakhalira, lendi ya nyumba ili momwemo. Funso lenileni tsopano laoneka, ndipo ndi laling'ono kuposa lija la pa foni: kodi R1,400 iposa K172,500?

Randi ili ndi mitengo iwiri

Yankho likudalira khomo limene ndalamayo ilowere. Pakati pa 2025 mabanki ankagulitsa dola ya ku America pa K1,751, zimene zinkaika randi pafupifupi pa K97. Pamsika wa mseri dola yomweyo inkasinthidwa pamtengo woposa kawiri. Ndiye chifukwa chake R5,614 imatha kukhala K545,000 kapena kudutsa K1.1 miliyoni, malinga ndi amene akuchulukitsa. Miliyoni yotchuka pa sitolo ija ndi ya mtengo wa mseri.

R1,400 ikasinthidwa pa K97, banja limalandira K135,800, ndalama yochepa ndi K36,700 poyerekeza ndi imene linkakhalira bambo ali pakhomo. Ikasinthidwa pa K200, limalandira K280,000, yoposa yakale ija ndi K107,500. Munthu ndi yemweyo, ntchito ndi yomweyo, thukuta ndi lomwelo, koma pa mtengo wina ulendo wataya ndipo pa wina wapindula.

Malire ake ndi osavuta kupeza. Ndalama imene banja limakhalira tsopano igawidwe ndi marandi amene adzatumizidwe. K172,500 ikagawidwa ndi 1,400, pamatuluka K123. Ngati randi ifika pakhomo pamtengo wochepera pamenepa, banja laluza. Penshoni ya K45,000 ikawerengedwa, malirewo amakwera kufika pa K155.

Makampani ovomerezeka otumiza ndalama amayendera malamulo a banki yaikulu ya Reserve, choncho mtengo wawo umatsamira ku wa mabanki. Ubwino wake ndi wakuti ndalama imafika, pali lisiti, ndipo ikasowa pali kokadandaula. Njira inayo ndi yodziwika kwa aliyense amene ali ndi mbale kunja. Wamalonda wa ku Malawi wofuna marandi oodera katundu amalandira ndalamazo ku Joni, kenako mnzake kuno amatumizira banja makwacha pa foni. Mtengo wake ndi wokoma, koma malamulo a ndalama zakunja salola zimenezi, ndipo wonyamula ndalamayo akazimitsa foni, woberedwa sangapite kupolisi popanda kudziulula yekha. Ena amatumiza katundu pa basi, monga zofunda, mafoni kapena mafuta ophikira, kuti mayi agulitse. Pamenepo phindu limadalira msonkho wa pachipata, mtengo wonyamulira ndi luso la wogulitsa.

Chowawa kwambiri kwa banja lolandira pamtengo wa banki n'chakuti katundu wambiri wochokera kunja amene ali m'masitolo adaodedwa ndi ndalama za pamsika wa mseri, ndipo mtengo wake umatsata kumeneko. Banjalo limagulitsa randi yake motchipa n'kukagula malata ndi simenti modula. Malinga ngati mitengo iwiriyi italikirana chonchi, kulangiza anthu kuti azitumiza ndalama kudzera m'njira zovomerezeka ndi kuwapempha kuti apereke theka la thukuta lawo, ndipo ambiri sadzamvera.

Ngongole ya ulendo

Asanalandire randi yoyamba, wapaulendo amakhala atawononga kale. Pasipoti wamba idatsitsidwa mu 2024 kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000. Pamwamba pake pali maulendo opita ku ofesi yoona zolowa ndi kutuluka ku Lilongwe, tikiti ya basi yodutsa pa Dedza kapena pa Mwanza, ku Tete, pa Nyamapanda mpaka pa Beitbridge, ndi chakudya cha panjira. M'chitsanzo chino zimenezi ziikidwe pa K310,000. Gawo lalikulu koposa ndi mwezi woyamba, pamene lendi ndi chakudya zikufunika koma malipiro asanabwere. Popanda minibasi ya tsiku ndi tsiku, mweziwo ndi R3,200, ndipo marandi amenewa munthu wamba amawagula pamsika wa mseri, chifukwa ku banki ndalama zakunja zimasowa. Pa K200 ndi K640,000. Ulendo wonse wakwana K1 miliyoni.

Pamtengo wabwino uja, pamene banja likupindula K107,500 pamwezi, miliyoniyo imabwerera m'mwezi wakhumi. Pamtengo wa banki sibwerera konse. Ndipo zonsezi zikudalira kuti ntchito yolonjezedwa ilipodi. Mwezi umodzi wowonjezera wongoyendayenda kufunafuna ntchito umadya K640,000 ina, kuphatikizapo K172,500 imene banja silidalandire, ndipo kubweza zimenezi kumatenga miyezi ina isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu.

Kumene miliyoniyo yachokera nakonso kumasintha nkhani. Ku Dowa ndi ku Ntchisi ndalama yochuluka imaoneka pambuyo pa msika wa fodya, soya ndi mtedza, ndipo wonyamuka ndi ndalama ya zokolola zake amanyamuka wopanda womulondola. Wobwereka ali pena. Ngati theka la ndalama ya ulendo, K500,000, latengedwa pa katapila wa 20 peresenti pamwezi, chiwongoladzanja chokha ndi K100,000, pafupifupi phindu lonse la ulendowo. Munthu wotere amatumiza ndalama mokhulupirika mwezi ndi mwezi koma ngongole yeniyeni sisuntha, ndipo kawirikawiri chikole chake chimakhala munda kapena ng'ombe za ngolo.

Kenako pali kubwera kudzaona ana. Ulendo umodzi pachaka, basi yopita ndi kubwerera pamodzi ndi mphatso, ukaikidwa pa R3,600, ndiye kuti mwezi uliwonse R300 iyenera kusungidwa. Yotumiza yatsika kufika pa R1,100. Pa K200 imeneyi ndi K220,000, ndipo phindu latsala K47,500, pafupifupi kufanana ndi penshoni imene idasiyidwa pa Mponela. Ambiri amathetsa vutoli posabwera, chaka chimodzi n'kukhala zitatu. Liwu lakuti mtchona lidabadwa m'mawerengero onga omwewa.

Amene ulendo umawapindulira

Zonsezi sizikutanthauza kuti opita ku Joni sadziwa masamu. Chitsanzochi chatenga munthu wa K300,000, ndipo m'maboma awiriwa anthu olandira ndalama yotere mwezi ndi mwezi ndi ochepa. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka m'Malawi adakwezedwa mu Juni 2025 kuchoka pa K90,000 kufika pa K126,000. Wolandira zimenezi salipira msonkho, koma akachotsa penshoni ndi K75,000 ya iye mwini, banja limatsala ndi K44,700. Kwa munthu ameneyu ngakhale K135,800 ya mtengo wa banki ndi katatu kuposa zimene akupeza. Kwa mnyamata wa maganyu, kapena tenanti wa pamunda wa fodya amene amadikira malipiro kamodzi pachaka, palibe n'chofananiza chomwe.

Chachiwiri chosintha zinthu ndi pogona. Anyamata anayi akagawana chipinda, aliyense n'kumapereka R500 m'malo mwa R1,500, yotumiza imakwera kuchoka pa R1,400 kufika pa R2,400, imene ndi K232,800 ngakhale pamtengo wa banki. Wogwira ntchito ya pakhomo kapena yosamalira maluwa amene amagona kwa bwana wake ali pabwino koposa. Sakwera minibasi, ndipo lamulo la kumeneko sililola kumudula ndalama yoposa 10 peresenti ya malipiro ake chifukwa cha chipinda. Pamalipiro omwe aja angathe kutumiza pafupifupi R3,200, imene pa K97 ndi K310,000. Ntchito imene ikumveka yonyozeka pa sitolo imatumiza ndalama yoposa kawiri ya ntchito ya m'fakitale. Wouzidwa za ntchito kunja ayenera kufunsa za kumene adzagone ndi mtunda wopita ku ntchito mwachangu chomwecho chimene amafunsira za malipiro.

Chachitatu ndi kufooka kwa kwacha. Mu Meyi 2022 idagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Mitengo ya katundu m'Malawi inkakwera ndi kuposa 25 peresenti pachaka mu 2024 ndi pakati pa 2025, pamene ku South Africa kukwerako kudali pafupi ndi 3 peresenti mu 2025. K300,000 yosakwezedwa kwa chaka chimodzi imataya gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu yake yogulira. Wolandira marandi ndi wotetezedwa ku zimenezi, bola ndalama yake isinthidwe pamtengo woyenda pamodzi ndi wa m'masitolo. Mawerengero amene lero akuonetsa kuti kutsala n'kwabwino angatembenuke m'miyezi khumi ndi iwiri ngati bwana wa pa Mponela sakweza malipiro.

Pali kanthu kena kosalowa m'ziwerengero koma kodya ndalama. Kalaliki wa pa Mponela ndi mlimi. Loweruka ali kumunda, ndipo chimanga chimene banja limadya theka la chaka sichigulidwa. Akachoka, kulima, kupalira ndi kubandira kumafuna aganyu. Komanso mbiri yakuti uje ali ku Joni imayenda msanga kuposa ndalama zake. Pakati pa Achewa mwamuna ndi mwini mbumba, ndipo ana a alongo ake amayang'ana kwa atsibweni awo. Ali pa Mponela onse amaona mmene akukhalira, ndipo amapempha molingana ndi zimene akuona. Ali kunja amapempha molingana ndi miliyoni ya pa foni ija. R1,400 imene m'mawerengero ikupita yonse kwa mkazi ndi ana, m'moyo weniweni imagawikanso kwa amayi, kwa alongo ndi ku maliro, m'nthawi imene thumba limodzi la feteleza lidadutsa kale K100,000.

Malipiro a lamulo kwa munthu wopanda zikalata

Chitsanzo chonsechi chaima pa R28.79 pa ola, ndipo mwendo umenewu ndi wogwedera. Mmalawi amaloledwa kulowa m'South Africa popanda viza kwa masiku 30 monga mlendo, koma chidindo chimenechi sichimupatsa ufulu wogwira ntchito. Chilolezo cha ntchito wamba chimafuna umboni wakuti palibe nzika ya dzikolo yoti ingagwire ntchitoyo, ndipo umboni wotere ndi wovuta kuupeza pa ntchito za pakhomo, za m'masitolo ndi za zomangamanga. Wopitirira masiku ake amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dzikomo: chaka chimodzi ngati wapitirira ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati waposa pamenepo. Wogwidwa amatsekeredwa ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kwawo, ndipo katundu amene adali m'chipinda chake kawirikawiri amatsala komweko.

Pa pepala, lamulo la ntchito limateteza ngakhale wopanda chilolezo. Khoti loona za ntchito kumeneko lidagamula motero mu 2008, pa mlandu wa kampani ya Discovery Health ndi bungwe la CCMA limene limamva madandaulo a ogwira ntchito. Koma munthu woopa kugwidwa sathamangira kukasuma, ndipo olemba ntchito ena amadziwa zimenezi. Malipiro akatsika kufika pa R4,500, zolipira zija osasintha, yotsala ndi R420 yokha. Pamenepo palibe mtengo wa randi umene ungapulumutse ulendowo.

Wenela, Israyeli ndi ndalama yosungidwa kumudzi

Agogo a anyamata a lero adayenda njira yomweyi pansi pa ndondomeko ina. Opita ku migodi kudzera ku Wenela ankalipiriridwa ulendo, ankagona m'makomboni a mgodi ndi kudya komweko, ndipo gawo la malipiro awo linkasungidwa kuti adzalandire atabwerera ku Malawi. Ntchitoyo idali yoopsa, malipiro ochepa, ndipo ambiri adabwera ndi matenda a m'chifuwa. Koma zinthu zitatu zimene zikudya malipiro a lero, ndizo ulendo, lendi ndi chakudya, sizinkatuluka m'thumba mwawo. Dr. Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu ntchito za kumigodi mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70. Kulembako kudayambiranso pang'ono kudzera ku TEBA, n'kutha mu 1988 pa mkangano wa kuyeza kachilombo ka HIV. Kuyambira pamenepo, wopita ku Joni amapita payekha ndipo amasenza zonse.

Ndondomeko yofanana ndi yakaleyo idaonekanso pa 25 Novembala 2023, pamene achinyamata 221 adanyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israyeli, patangopita masabata ochepa nkhondo ya ku Gaza itayamba. Malipiro amene ankatchulidwa adali pafupifupi madola 1,500 pamwezi, ndipo malipiro otsikitsitsa a dzikolo adafika pa mashekeli 5,880 mu Epulo 2024. Kumeneko wogwira ntchito amalowa ndi chilolezo, amagona pamunda, ndipo sakwera minibasi. Pa malipirowo pamachoka msonkho, inshulansi ya zaumoyo ndi ya pogona, koma yotsala ndi yaikulu kutalitali poyerekeza ndi R1,400. Kwa kalaliki wa K300,000, ntchito yotere ikalipiridwa monga mwa pangano imapambana pamtengo ulionse wa dola.

Komabe mafunso awiri aja adawatsata mpaka kumeneko. Ena mwa achinyamatawo adadandaula kuti akulandira zochepera pa malipiro a lamulo, ndipo chilolezo chawo chidali cha ntchito ya kumunda yokha. Mu Meyi 2024 Amalawi 12 adabwezedwa kuno atapezeka kuti adathawa m'minda n'kukagwira ntchito kwina. Za mtengo wosinthira, unduna wa zantchito udanena pachiyambi pomwe kuti gawo la malipirowo lizisungidwa m'maakaunti a eni ake m'Malawi, kuti dziko lipezepo ndalama zakunja. Madola 1,000 olowa kudzera ku banki pakati pa 2025 ankasanduka pafupifupi K1.7 miliyoni, pamene pamsika wa mseri akadaposa K3.5 miliyoni. Kusiyana kwa pakatipo, pa mwezi umodzi wokha, n'kokwanira kulipira kalaliki wa pa Mponela kwa theka la chaka.